Bambo anatumiza fizi, banki ikuti zinapita, sukulu ikuti sizinafike

"Ndikuphunzira pa yunivesite ina kunja kwa dziko lathu. Bambo anga ananditumizira fizi kudzera ku banki masiku 12 apitawo. Ndalama zinachoka mu akaunti yawo ndipo pa foni yawo pakuoneka kuti zinatumizidwa, koma kusukulu akuti ndidakali ndi ngongole yonse. Kulembetsa maphunziro kutsekedwa sabata yamawa. Bambo akufuna kukakongola kwina kuti atumizenso, amalume akuti tiuze banki ibweze ndalamazo. Tichite chiyani?"

Maganizo onse awiriwo adikire kaye. Bambo asakongole, ndipo banki musaiuze kuti ibweze, mpaka mutadziwa pamene ndalamazo zaima. Ndalama zodutsa m'mabanki sizisowa chisawawa, chifukwa paliponse pamene zadutsa zimasiya cholembedwa. Vuto lanu pakali pano ndi lakuti inu ndi bambo mukufufuza ndi umboni umene ofesi ya zachuma ya kusukulu siingathe kuugwiritsa ntchito.

Uthenga wa pa foni ya bambo ukunena chinthu chimodzi chokha, chakuti banki yawo yachotsa ndalama mu akaunti ndipo yavomera kuzitumiza. Banki ya bambo ndi banki ya yunivesite nthawi zambiri sizisungirana maakaunti. Choncho banki yotumiza imalemba uthenga kudzera pa SWIFT, njira imene mabanki a m'mayiko osiyanasiyana amatumizirana malangizo, kupita ku banki ina yapakati imene ili nayo akaunti. Yapakatiyo imapereka kwa ina kapena kwa banki ya sukulu. Ngati ndi madola a ku America, kawirikawiri malipirowo amadzera ku banki ya ku America ngakhale sukulu ili m'dziko lina. Banki iliyonse pa njirayi ili ndi ola lake lotsekera ntchito ya tsikulo, maholide ake, ndi anthu ake ofufuza ngati mayina a wotumiza ndi wolandira sali pa mndandanda wa anthu oletsedwa. Zonse zikayenda bwino, ulendowu umatenga tsiku limodzi mpaka masiku asanu ogwira ntchito. Masiku 12 anuwo adutsa pamenepo, ndiye muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira mwamphamvu.

Chinthu choyamba chimene mukufunika ndi chikalata cha uthenga wa SWIFT weniweniwo. Anthu a m'mabanki amachitchula kuti MT103. Pofika Novembala 2025 mabanki anasamukira ku uthenga watsopano wotchedwa pacs.008, koma mukanena MT103 pa kauntala aliyense adzamva chimene mukufuna. Woyenera kuchipempha ndi bambo, popeza iwo ndiwo kasitomala wa banki yotumiza. Inu mukaimbira banki yawo sadzakuuzani kanthu, ndipo mukapita ku banki ya yunivesite adzakubwezaninso, chifukwa akauntiyo si yanu. Ophunzira ambiri amataya sabata yathunthu akugogoda pa zitseko ziwirizi.

Pa chikalatacho pali nambala imodzi yoposa zonse, UETR. Ili ndi zilembo ndi manambala 36 mukawerengera timizere tapakati, ndipo kuyambira Novembala 2018 uthenga uliwonse wa malipiro otere umayenera kukhala nayo. Siisintha kuchokera ku banki yoyamba kufika ku yomaliza. Nambala ya pa lisiti imene banki inapatsa bambo ndi ya m'kati mwa banki yawo yokha, banki ya kutsidya siiidziwa. UETR ndiyo imene onse amaiona.

Ndikufotokozereni nkhani ya mtundu umene ndimakumana nawo kawirikawiri, kuti muone mmene mapepalawa amawerengedwera. Manambala ake ndi achitsanzo.

Mtsikana wina wa chaka chachiwiri analandira kalata ya fizi ya madola 4,500. Makolo ake analibe akaunti yotha kutumiza kunja, ndiye anapereka ndalama kwa amalume ake, amene dzina la bambo wawo ndi losiyana ndi la mtsikanayo. Amalumewo anapita ku banki Lachisanu masana, nalemba fomu. Pa malo ofunsa cholinga cha malipiro analemba mawu awiri osonyeza kuti ndi fizi ya sukulu, osaika nambala ya wophunzira. Pa malo a ndalama zolipirira kutumiza anasiya zimene wa pa kauntala anachonga. Madzulo omwewo foni inaonetsa kuti ndalama zachoka, ndipo anamutumizira mtsikanayo chithunzi cha uthengawo.

Mtsikanayo anadikira sabata imodzi. Akalowa pa akaunti yake ya kusukulu, ngongole inali 4,500 yomweyo. Anatumiza chithunzi chija ku ofesi ya zachuma, ndipo anamuyankha mwaulemu kuti sanapeze malipiro alionse m'dzina lake. Anaimbira amalume, amalume anaimbira banki, banki inati ife tinatumiza. Kwa masiku angapo mbali iliyonse inkabwereza mawu ake, ndipo mbali zonse ziwiri zinkanena zoona. M'banjamo munayamba kunong'onezana kuti mwina amalumewo sanatumize zonse. Ichi ndi chimene chimandiwawa pa nkhani zoterezi, chifukwa munthu amene anathandiza ndiye amayamba kukayikiridwa.

Kenako amalume anapita okha ku banki nakapempha MT103. Mwa zina munali izi:

```
:32A:250908USD4500,00
:70:SCHOOL FEES
:71A:SHA
```

Mzere wa 32A ukunena tsiku limene ndalama zinayenera kuyamba ulendo pakati pa mabanki, mtundu wa ndalama ndi kuchuluka kwake. Tsikulo likuwerengedwa chaka, mwezi, tsiku, ndiye apa ndi pa 8 Sepitembala 2025, Lolemba. Fomu ya Lachisanu masana inafika ola lotsekera litadutsa, motero masiku atatu amene mtsikanayo ankawerengera ndalama zinali zisananyamuke. Mzere wa 70 ndiwo uthenga wopita kwa wolandira. Mzere wa 71A ukunena amene alipire mabanki.

Amalume anapemphanso banki kuti iyang'ane UETR pa njira yolondolera malipiro ya SWIFT gpi, imene inayamba mu 2017. Wa ku banki anaona kuti palembedwa ACCC, kutanthauza kuti ndalama zinalowa mu akaunti ya wolandira, ndipo zinalowa Lachitatu pa 10 Sepitembala. Koma zimene zinalowa zinali madola 4,475. Banki yapakati inatengapo 25.

Apa ndi pamene nkhani inamveka. Yunivesite imalandira malipiro mazanamazana mu akaunti imodzi, makamaka kumayambiriro kwa semesita. Kompyuta ya ofesi ya zachuma imatenga malipiro alionse pa sitetimenti ya banki n'kufuna mwini wake, poyamba ndi nambala ya wophunzira kapena ya kalata ya fizi, ikalephera imayesa dzina ndi kuchuluka kwa ndalama. Malipiro a mtsikanayu analibe nambala, dzina linali la amalume, ndipo 4,475 sinafanane ndi ngongole ya munthu aliyense. Ndalama zotere zimaikidwa mu akaunti yosungira malipiro osadziwika mwini wake, kudikira kuti munthu adzaziyang'ane ndi maso. Pamene mtsikanayo analemba koyamba, wa mu ofesi anafufuza dzina lake ndi 4,500, ndipo sakanapeza kanthu.

Imelo yachiwiri inali yaifupi. Anaika dzina lake ndi nambala yake ya sukulu, dzina la amalume monga lalembedwera pa MT103, dzina la banki yotumiza, tsiku la 10 Sepitembala, ndalama zimene zinatumizidwa ndi zimene zinafika, ndi UETR. Anaphatikizapo chikalatacho, napempha kuti ayang'ane m'malipiro osadziwika mwini wake. Anazipeza, nazilemba pa dzina lake. Panatsala ngongole ya madola 25, ndipo kompyuta inapitiriza kumuletsa kulembetsa mpaka atailipira ndi khadi.

Ndakhalitsa pa nkhaniyi chifukwa pa malipiro a fizi amene achedwa kupitirira sabata, apa ndi pamene ine ndimayambira kuyang'ana. Banki yachita ntchito yake, ndalama zili m'manja mwa sukulu, koma sizinalumikizidwe ndi wophunzira. Funsani bambo lero lomwe kuti pa fomu analembapo nambala yanu ya sukulu kapena ayi, ndipo yang'anani mzere wa 70 ngati nambalayo inalowadi mu uthenga. Pa MT103 mzerewu umangokwana zilembo 140, m'mizere inayi ya zilembo 35, ndipo zimachitika kuti zimene kasitomala analemba pa fomu wolemba pa kompyuta wazifupikitsa, kapena nambala yaduka pakati.

Za mzere wa 71A zikufunika kumvetsedwa bwino, popeza zimabwera chaka ndi chaka. Pali zosankha zitatu. OUR ndi pamene wotumiza akulipira mabanki onse. SHA ndi pamene wotumiza akulipira banki yake yokha, ndipo ena apanjira amadula pa ndalama zomwezo. BEN ndi pamene zonse zikudulidwa pa ndalama za wolandira. Pa uthenga watsopano mudzaona DEBT, SHAR ndi CRED m'malo mwake. Pa fizi sankhani OUR. Komabe ngakhale OUR nthawi zina sifika yathunthu ndalama zikadzera m'mabanki angapo, makamaka madola odutsa ku America, ndiye nzeru ndi kuyang'ana akaunti ya kusukulu zikafika n'kulipira kotsalako msanga.

Tsopano ngati zanu sizili choncho, yankho la banki lidzakulozerani kwina.

Mwina bambo akapempha MT103 adzauzidwa kuti abwere mawa, mawalo n'kuuzidwanso chimodzimodzi, ndipo palibe amene akutha kuwapatsa UETR. Zikatero kayikirani kuti ndalama sizinatuluke m'banki yawo. Zinachotsedwa mu akaunti n'kuikidwa pambali m'banki momwemo. Izi zimachitika banki ikamadikira kalata ya fizi, kalata yosonyeza kuti munalandiridwa pa sukulu kapena chilolezo chotumizira ndalama kunja, komanso m'mayiko amene ndalama zakunja zimavuta kupeza, kumene pempho limaima pa mzere mpaka banki itapeza madola kapena mayuro. Bambo afunse mwachindunji kuti, "Kodi uthenga wa SWIFT unatuluka? Unatuluka tsiku liti?" Funso lakuti "kodi ndalama zinapita?" limayankhidwa ndi inde mosavuta, chifukwa wa pa kauntala akuona zomwe bambo akuona pa foni. Apemphe kulankhula ndi a gawo loona za malipiro akunja.

Mwina UETR ilipo koma ikuonetsa ACSP, kutanthauza kuti zidakali pa njira. Pambali pake pamakhala kachizindikiro kena kamene kamathandiza kwambiri. G003 ikunena kuti banki ina ikudikira zikalata. G004 ikunena kuti uthenga unafika koma ndalama zenizeni zochokera ku banki yapakati sizinafike. G001 ikunena kuti zinaperekedwa ku banki imene siili pa njira yolondolerayi, ndiye kuchokera pamenepo zikhoza kusaonekanso ngakhale zitafika. Kuchedwa kwina kumabwera chifukwa cha kufufuza mayina. Banki yapakati ikaona dzina lofanana ndi la munthu wa pa mndandanda wa oletsedwa, imaimitsa malipiro n'kufunsa banki yotumiza tsiku lobadwa la kasitomala, adiresi yake, kapena umboni wa cholinga cha ndalama. Funsolo limabwerera m'mbuyo banki ndi banki, ndipo likhoza kukhala pa desiki ya munthu osafika kwa bambo. Choncho afunse ngati pali funso lililonse lochokera ku banki yapakati limene silinayankhidwe, ndipo apite atanyamula chiphaso chawo, kalata ya fizi ndi kalata yanu ya sukulu kuti ayankhe tsiku lomwelo.

Ikaonetsa RJCT, ndiye kuti malipiro anakanidwa ndipo ndalama zikubwerera. Chifukwa chake kawirikawiri chimapezeka pa chikalata chomwecho. Ikani MT103 pambali pa kalata ya fizi, muyerekeze chilembo ndi chilembo: mzere wa 59, umene uli ndi nambala ya akaunti kapena IBAN, imene ndi nambala ya akaunti yolembedwa m'njira imene mabanki a mayiko osiyanasiyana amaizindikira, ndi dzina la wolandira, ndi mzere wa 57, umene uli ndi BIC, chizindikiro cha banki ya sukulu pa SWIFT, cha zilembo 8 kapena 11. Onaninso ngati mtundu wa ndalama ndi umene akauntiyo imalandira, chifukwa sukulu zina zili ndi akaunti ya madola payokha ndi ya ndalama za dzikolo payokha. Zobwerera zimatenga nthawi yaitali kuposa zopita, zimafika zitadulidwa ndi mabanki apanjira, ndipo zikasinthidwa kubwerera ku ndalama za kwanu zimatsata mtengo wa tsikulo.

Poyerekezapo pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna muchidumphe. Nambala ya akaunti imene bambo anagwiritsa ntchito inachokera kuti? Ngati inachokera pa imelo yonena kuti sukulu yasintha banki, kapena kwa munthu wodzitcha mthandizi amene analonjeza mtengo wabwino wosinthira, iyerekezeni lero ndi imene ili pa akaunti yanu ya kusukulu, kapena pitani nayo ku ofesi ya zachuma mukafunse pamaso. Akanena kuti si yawo, pamenepo amalume anu akunena zoona: bambo athamangire ku banki tsiku lomwelo, anene kuti ndi chinyengo, apemphe kuti ndalama ziitanidwe, ndipo akadziwitse apolisi. Pa nkhani yotere ola lililonse ndi lofunika, chifukwa akuba amachotsa ndalama zikangofika.

Kupatula pamenepo, kuitanitsa ndalama sindikukulimbikitsani. Pempho lobweza si lamulo kwa banki ya kutsidya. Ndalama zikakhala kuti zalowa kale mu akaunti ya yunivesite, banki yake iyenera kupempha chilolezo kwa yunivesiteyo, ndipo zimenezo zikhoza kutenga masabata. Mudzalipira pempholo, mudzataya pa kusintha ndalama kawiri, ndipo tsiku lolembetsa lidzadutsa mulibe ndalama kuno kapena uko. Ngati cholakwika ndi chaching'ono, monga dzina la wolandira losakwanira kapena nambala ya wophunzira yosowa, banki ya bambo ikhoza kutumiza uthenga wokonza, umene ndi wachangu kuposa kubweza. Kutumizanso kuli ndi vuto lake. Zonse ziwiri zikafika, sukulu zambiri zimasunga zotsalazo kuti zikhale za semesita yotsatira kapena zimabweza ku akaunti imene zinachokera patapita nthawi, pamene ngongole ya bambo ikubala chiwongoladzanja.

Ngati simunalipire mwachindunji ku akaunti ya sukulu koma kudzera ku kampani yolandirira fizi imene sukulu inasankha, monga Flywire kapena Convera, pali siteji ina yowonjezera. Ndalama zimayamba zafika ku kampaniyo, imene imazizindikira ndi nambala ya malipiro imene inakupatsani, kenako n'kuzipereka ku sukulu. Lowani pa akaunti yanu ya kumeneko muone ngati yalemba kuti yalandira. Ngati sinalandire, funso ndi lomwe lija: kodi nambalayo inalembedwa pa fomu ya ku banki, ndipo ndalama zinatumizidwa nthawi ya mtengo umene anakupatsani isanathe?

Za tsiku lotsekera kulembetsa musadikire kuti ndalama zipezeke kaye. Mukangolandira MT103, pitani nayo nokha ku ofesi ya zachuma ya ophunzira, ndipo dziwitsaninso ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja. Pemphani zinthu ziwiri: kuti afufuze m'malipiro osadziwika mwini wake pogwiritsa ntchito dzina la bambo, tsiku ndi ndalama zocheperako pang'ono pa zimene zinatumizidwa, komanso kuti akuloleni kulembetsa mongoyembekezera kapena akuwonjezereni masiku popanda chindapusa. Sukulu zambiri zili ndi njira yochitira zimenezi kwa wophunzira amene ali ndi umboni wochokera ku banki, ngakhale si lamulo kuti avomere. Chimene akuuzani pakamwa pemphani kuti achilembe pa imelo, ndipo sungani dzina la amene mwalankhula naye ndi tsiku lake. Kwa wophunzira wa kunja izi n'zofunika kwambiri, popeza m'mayiko ambiri viza imadalira kuti munthu akhale wolembetsedwa pa sukulu, ndipo ofesi ya ophunzira akunja ndiyo ingakuuzeni malamulo a dziko limene muliko.

Kwa bambo, pempho lawo ku banki likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku, ndipo atenge nambala ya dandaulo. Alembe kuti akufuna chikalata cha SWIFT, UETR, pamene malipiro aima pa njira yolondolera, ndi kuti banki itumize uthenga wofufuza ku banki yapakati ngati ndalama sizinalowe. Mabanki ena amalipiritsa kufufuzaku, ndiye afunse mtengo asanasaine. Banki ikapanda kuyankha m'nthawi imene malamulo ake a madandaulo amanena, akhoza kupititsa nkhaniyo ku bungwe loyang'anira mabanki m'dziko lawo, atanyamula makalata onse amene analemba.

Ngati njira yolondolera ikuti ACCC koma sukulu ikulimbikira kuti siikuona kanthu ngakhale itafufuza ndi dzina la bambo, pemphani ofesi ya zachuma kuti ipereke UETR ku banki yake. Sukulu ndiyo mwini akaunti, ndipo banki yake ikhoza kuiuza tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi akaunti yeniyeni imene zinalowa. Yunivesite yaikulu imakhala ndi maakaunti angapo, ya fizi, ya malo ogona, ya kafukufuku, ndipo ndalama zolowa mu akaunti ina ya sukulu yomweyo sizioneka kwa amene amayang'ana ya fizi yokha. Zikapezeka kumeneko, a m'ofesi amazisamutsa okha popanda kudzeranso ku banki ya bambo.